Mwabwereketsa ndalama kampani ku Britain? Lembetsani chikole masiku 21 asanathe

Munthu akakupinyolitsani wailesi, simuda nkhawa, chifukwa wailesiyo ili m'nyumba mwanu ndipo mwiniwake sangaipinyolitsenso kwina. Chikole cha kampani sichiyenda choncho. Galimoto, makina ndi katundu wa m'nyumba yosungiramo zinthu zimakhalabe m'manja mwa kampaniyo, ikuzigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, pomwe inu amene mwaibwereketsa ndalama mwangotsala ndi pepala. Pakati pa inu ndi kampani pepalalo ndi lokwanira. Koma kampani ikagwa, amene mudzalimbane nawo ndi a msonkho, antchito, mabanki ndi ena onse amene kampaniyo ili nawo ngongole, ndipo pamaso pa amenewo pepala lanu liribe mphamvu ngati silinalembetsedwe m'kaundula wa boma pa nthawi yake.

Malangizo awa ndi a kampani yolembetsedwa ku England kapena ku Wales, kumene Amalawi ambiri atsegula makampani osamalira okalamba, oyeretsa m'maofesi ndi otumiza katundu kumudzi, ndipo mpamba wake nthawi zambiri umachokera kwa achibale ndi abale a kumpingo. Banki ili ndi maloya amene amagwira ntchitoyi tsiku lililonse. Amene amapsa nayo ndi munthu wamba wobwereketsa ndalama zake.

Lamulo lake ndi Companies Act 2006, kuyambira ndime 859A mpaka 859Q, monga linakonzedwera pa 6 Epulo 2013. Kaundula wake ali ku Companies House, ofesi ya boma yolembetsa makampani. Kuti tisamangoyankhula za m'malere, tiyerekeze kuti pali kampani yotumiza katundu ku Malawi, ili ndi mavani awiri, katundu wa m'sitolo, ndi makasitomala amene amalipira mochedwerapo. Mwini wake, yemwenso ndi dayirekitala, wapempha malume ake kuti abwereketse kampaniyo mapaundi 60,000.

Musanatulutse ndalama, fufuzani kampaniyo

Pitani pa tsamba la Companies House lofufuzira makampani, lembani dzina kapena nambala ya kampaniyo. Kufufuzaku n'kwaulere. Onani kuti dzina ndi nambala ya manambala asanu ndi atatu zikugwirizana ndi zomwe mwapatsidwa, popeza dzina limasinthika koma nambala sisintha. Onaninso amene alembedwa kuti ndi madayirekitala, chifukwa ndi amenewo oyenera kusaina. Kenako yang'anani ngati pali gawo lolembedwa Charges. Ngati lilipo, tsegulani chikole chilichonse chimene chikuoneka kuti outstanding, ndiko kuti sichinathe, muwerenge chikalata chake chonse. Chikalatacho chimaikidwa poyera kuti aliyense aone.

Mukapeza kuti banki inatenga kale chikole pa katundu yense wa kampaniyo, imani kaye. Zikalata za mabanki pafupifupi zonse zimaletsa kampani kupereka chikole china popanda chilolezo, ndipo inu mukawerenga choletsacho n'kupitirizabe, simungadzanene kuti simunadziwe. Njira yake ndi kupempha chilolezo cholemba kwa bankiyo, ndi mgwirizano wonena amene adzayambe kulipidwa. Nthawi zina mupeza kuti ngongoleyo inabwezedwa kalekale koma palibe anakafufutitsa; pamenepo kampani ikonze zimenezo inu musanasaine.

Mavani afunseni padera. Galimoto yotengedwa pa mgwirizano wolipira pang'onopang'ono imakhalabe ya kampani yobwereketsayo mpaka ndalama yomaliza itaperekedwa, ndipo zimenezi sizioneka ku Companies House. Munthu sangapereke chikole pa chinthu chosakhala chake. Funsani mapepala ogulira ndipo fufuzani mbiri ya ngongole ya galimotoyo pogwiritsa ntchito nambala yake.

Sankhani mtundu wa chikole, ndipo muchite monga mwalembera

Pali mitundu iwiri, ndipo fomu yolembetsera idzakufunsani za yonse. Chikole chokhazikika chimamata pa chinthu chodziwika, monga malo, makina akuluakulu kapena galimoto, ndipo kampani singagulitse chinthucho popanda chilolezo chanu. Chikole choyandama chimaphimba katundu amene amalowa ndi kutuluka, monga katundu wogulitsa ndi ndalama zimene makasitomala sanalipire. Kampani imachita naye malonda mwaufulu, mpaka tsiku limene yalephera kubweza kapena yagwa. Pamenepo chikolecho chimagwira chilichonse chimene chilipo tsikulo. Obwereketsa ambiri amatenga mitundu yonse iwiri m'chikalata chimodzi chimene amachitcha dibencha.

Chokhazikika ndiye champhamvu, n'chifukwa chake anthu amafuna kulemba chilichonse kuti n'chokhazikika. Khoti siliyang'ana dzina limene mwalemba, limayang'ana mmene zinthu zikuyendera. Mu 2005, pa mlandu wa Spectrum Plus, bwalo la House of Lords linagamula kuti chikole chimene banki inachitcha chokhazikika pa ngongole za makasitomala chinali choyandama, chifukwa kampaniyo inkatapa ndalamazo mu akaunti mmene ifunira. Kwa malume athu, ndiye kuti mavani alembedwe m'chikalata ndi manambala awo, ndipo mphwawo akafuna kugulitsa imodzi apemphedi chilolezo cholemba. Akazolowera kugulitsa ndi kusinthanitsa mavani malume osadziwa, ndiye kuti akupereka umboni kwa amene adzafune kunena kuti chikolecho chinali choyandama.

Chikalatachi chilembedwe ndi loya. Kulembetsa mungathe nokha, koma kulembetsa sikukonza chikalata cholembedwa molakwika. Kampani imasaina kudzera mwa madayirekitala awiri, kapena dayirekitala ndi mlembi wa kampani, kapena dayirekitala mmodzi pamaso pa mboni imene nayonso isaine. Wobwereketsayo asakhale mboni.

Pali msampha wina umene umagwira achibale makamaka. Lamulo la Insolvency Act 1986, ndime 245, limati chikole choyandama choperekedwa kwa munthu wolumikizana ndi kampani m'zaka ziwiri kampaniyo isanagwe chimagwira ntchito pa ndalama zatsopano zokha, zimene zinaperekedwa nthawi yosaina kapena pambuyo pake. Kwa munthu wapadera nthawiyo ndi miyezi 12. Pa olumikizana ndi kampani pali dayirekitala, mkazi kapena mwamuna wake, makolo, ana, abale ake obadwa nawo, amalume, azakhali ndi ana a abale ake. Choncho dongosolo lake n'lakuti kusaina kuyambe, ndalama zitsatire. Ngati malume anatumiza kale ndalama mu Juni pa mawu a pakamwa, ndiye mu Disembala ataona kuti zinthu zapendekeka n'kumati tilembe chikole, chikole choyandamacho chingadzakhale chopanda ntchito ngakhale chitalembetsedwa bwino lomwe, ndipo chokhazikikacho nachonso khoti lingachithetse ponena kuti kampani inakondera wachibale.

Werengani masiku tsiku lomwelo

Apa ndi pamene pagona nkhani. Muli ndi masiku 21, kuyambira tsiku lotsatira tsiku limene chikole chinapangidwa. Kawirikawiri tsiku lopangidwalo ndi limene chikalata chinasainidwa, kuikidwa deti ndi kuperekedwa. Si tsiku limene ndalama zinalowa mu akaunti, si tsiku limene loya anakutumizirani kope, ndiponso si tsiku limene bizinesi inayamba kugwiritsa ntchito ndalamazo.

Masiku ake ndi a pa kalendala. Loweruka, Lamlungu ndi maholide zonse zimawerengedwa. Kuwerenga kwake n'kosavuta mukadziwa kuti tsiku lomaliza limagwa pa tsiku lomwelo la sabata, patatha masabata atatu. Tinene kuti malume ndi mphwawo asaina Loweruka pa 6 Disembala 2025, poti ndi tsiku limene onse sali kuntchito. Tsiku loyamba ndi 7 Disembala, tsiku la 21 ndi Loweruka pa 27 Disembala. Pa 25 ndi pa 26 ndi maholide. Munthu woganiza kuti ali ndi masabata atatu athunthu ndiye kuti wadzinamiza, makamaka ngati akudalira positi ya nyengo ya Khirisimasi.

Chinanso chimene ambiri sachidziwa n'chakuti chofunika si kutumiza, koma kuti Companies House ilandire zonse zili zolondola nthawi isanathe. Fomu ikakanidwa chifukwa cha cholakwika, masiku sayambiranso, ndipo ogwira ntchito kumeneko alibe mphamvu yowonjezera ngakhale tsiku limodzi. Mukatumiza pa tsiku la 19 n'kukanidwa pa tsiku la 22, mwagwa nayo. Langizo langa n'lakuti mutumize tsiku losainalo kapena mawa lake, kuti ngati pali chobweza mukhale ndi mpata wokonza kawiri kapena katatu.

Nanga atumize ndani? Lamulo limalola kampani kapena munthu aliyense wokhudzidwa ndi chikolecho. Kuyambira 2013 kampani ikapanda kulembetsa siimbidwanso mlandu, ndiye ilibe chimene chikuithamangitsa. Woluza ndi wobwereketsa. Musavomere mawu akuti "malume musadandaule, akawuntanti athu apanga." Chitani nokha kapena loya wanu achite, ndipo muone umboni.

Konzani kope la chikalata

Ku Companies House simutumiza chikalata chenichenicho. Mumatumiza kope lotsimikizidwa, ndipo chenichenicho mumasunga. Kopelo lidzaikidwa pa intaneti, aliyense adzatha kuliwerenga, choncho lamulo pa ndime 859G limakulolani kuphimba zinthu zitatu: nkhani za munthu payekha monga adiresi ya kunyumba, koma osati dzina lake; nambala ya akaunti ya kubanki kapena ya masheya; ndi siginecha. Zina zonse ziyenera kuoneka. Ngati simukufuna kuti dziko lonse lidziwe chiwongoladzanja ndi kabwezedwe, zimenezo zilembedwe mu mgwirizano wa ngongole wapadera, chikalata cha chikole chingonena kuti chikuteteza ndalama zonse za mu mgwirizanowo. Mgwirizano wa ngongole sutumizidwa. Izi zikonzedwe polemba, chifukwa chikalata chikangokwera pa kaundula, kuchichotsa kapena kuchisintha kumafuna khoti.

Kope la pepala lilembedwe mawu otsimikiza, lisainidwe ndi kuikidwa deti. Mawu ozolowereka ndi awa:

```
I certify that, save for material redacted pursuant to s.859G
of the Companies Act 2006, this copy instrument is a correct
copy of the original instrument.
```

Potumiza pa intaneti, chitsimikizo chonga chimenechi mumachipereka pa sikirini. Jambulani chikalata chonse kukhala fayilo imodzi ya PDF, kenako muitsegule n'kuwerenga masamba limodzi ndi limodzi. Makina ojambulira amameza masamba awiri nthawi imodzi, ndipo tsamba limene limasowa nthawi zambiri ndi la kumapeto, la mndandanda wa katundu kapena la osaina. Onaninso kuti deti lalembedwa patsamba loyamba. Anthu amasaina bwinobwino n'kuiwala kudzaza kampata ka deti.

Dzazani fomu MR01

Fomu yake ndi MR01. Mungathe kuitumiza pa intaneti kapena pa pepala. Pa mitengo imene inayamba mu Meyi 2024, pa intaneti anali mapaundi 15 ndipo pa pepala mapaundi 24. Mitengo imasintha, choncho onani wa tsikulo musanalembe cheke, chifukwa ndalama yoperewera ndi chifukwa chokwanira chobwezera fomu. Pa intaneti ndiye pabwino: palibe za positi, ndipo zolakwika zina makina amazigwira musanatumize. Koma pamafunika nambala yachinsinsi, kaya ya kampaniyo imene imatchedwa authentication code, kaya yanuyanu imene mumapempha ngati wobwereketsa. Zonse ziwiri zingatenge masiku kuti zifike ngati mulibe, ndiye zipezeni musanafike tsiku losaina.

Fomuyi ndi yaifupi, ndipo lamulo lake ndi limodzi: chilichonse chifanane ndendende ndi zomwe zili m'chikalata. Dzina ndi nambala ya kampani zikhale monga zilili m'kaundula. Deti lopangira chikole likhale lomwe lili pa chikalata. Dzina la wobwereketsa lilembedwe monga lalembedwera m'chikalatamo. Ngati m'chikalata malume alembedwa ndi mayina atatu, musalembe awiri pa fomu poti ndi mmene mumawaitanira.

Gawo lolembedwa Brief description limasokoneza ambiri. Silifuna kuti mufotokoze katundu yense. Ndi la malo, zombo, ndege ndi umwini wa nzeru monga chizindikiro cha malonda, zinthu zimene zili ndi kaundula wakewake ku Britain, ngati pali chikole chokhazikika pa izo. Mavani a mphwawo salowa pamenepo. Iwo amalowa pa funso lotsatira, Other charge or fixed security, pomwe mumangoyankha kuti inde. Pa Floating charge muyankhenso kuti inde ngati chikalata chili ndi chikole choyandama, ndipo fomu idzafunsa ngati chikuphimba katundu yense ndi bizinesi yonse ya kampaniyo. Yankho lichokere m'mawu a chikalata, osati m'mutu mwanu. Funsoli si lachabe: wokhala ndi chikole choyandama pa katundu yense kapena pafupifupi yense, chikalata chikalembedwa moyenera, amatha kusankha adiminisitireta woyendetsa kampaniyo ikagwa m'mavuto, osadutsa m'mlandu wa kukhoti.

Kenako pali Negative Pledge, ndiko kuti lonjezo la kampani lakuti sidzapereka chikole china chofanana kapena choposa chanu. Ngati lili m'chikalata, chongani. Chifukwa chake ndi ichi. Kulembetsa kumachititsa kuti chikole chanu chikhale chamoyo pamaso pa ena, koma pakokha sikukupatsani malo oyamba pamzere. Chikole chokhazikika chobwera pambuyo chimatha kupitirira choyandama chimene chinalipo kale, pokhapokha ngati wobwera pambuyoyo ankadziwa za choletsacho. Mukachonga, choletsacho chimaoneka pa tsamba loyamba la chikole chanu, ndipo banki iliyonse yofufuza isanabwereketse idzachiona.

Zikayenda bwino mudzalandira satifiketi yokhala ndi nambala ya chikole ya manambala 12: asanu ndi atatu oyamba ndi a kampani, anayi otsiriza ndi a chikolecho, monga 0001 ngati n'choyamba. Satifiketiyi, malinga ndi ndime 859I, ndi umboni wosatsutsika wakuti mapepala anafika nthawi isanathe. Sikutsimikiza kuti chikalatacho chinalembedwa bwino kapena kuti katunduyo ndi wa kampanidi. Isungeni pamodzi ndi chikalata chenicheni. Bwererani pa tsamba la kampaniyo, muone kuti chikole chikuoneka ndipo PDF yake ndi yathunthu, kenako dinani Follow this company kuti muzilandira uthenga chilichonse chikalembetsedwa. Ndi mmene mungadziwire msanga ngati pabwera chikole chachiwiri, kapena ngati wina wanena kuti chanu chinatha.

Ngati pali malo kapena nyumba, kaundula mmodzi sakwanira

Kampani ikapereka chikole pa malo, kulembetsa ku Companies House ndi theka chabe. Chikolecho chiyenera kulembetsedwanso ku HM Land Registry, ofesi ya boma yolembetsa malo, kuti chikhale ndi mphamvu zonse pa malowo, ndipo pa nkhani ya malo, amene ali patsogolo amadziwika ndi kaundula ameneyu. Maloya amayamba ndi kufufuza kwa fomu OS1 asanasaine, kumene kumasungira wobwereketsa malo pamzere kwa masiku 30 ogwira ntchito. Akasaina amathamangira ku Companies House, n'kutenga satifiketi ija kupita nayo ku Land Registry masiku 30 aja asanathe. Ndiye pali mawotchi awiri oyenda nthawi imodzi, ina yowerenga masiku onse, ina yowerenga ogwira ntchito okha. Ya malo musachite nokha.

Kusiyana kwake pa ndalama

Tibwerere kwa malume. Patatha zaka zitatu kampani yagwa, ndipo mapaundi 60,000 onse akadali osabwezedwa. Likwideta, amene ntchito yake ndi kugulitsa katundu ndi kugawa ndalama, wapeza mapaundi 25,000 pa mavani ndi 50,000 pa katundu wina yense. Tinene kuti ntchito yothetsa kampaniyo yadya 10,000, ndipo oyenera kuyamba kulipidwa akufuna 15,000. Amenewa ndi antchito pa gawo la malipiro awo, komanso a msonkho a HMRC, amene kuyambira pa 1 Disembala 2020 amatsogola pa misonkho imene kampani inatolera m'malo mwa boma, monga VAT ndi PAYE. Ena onse opanda chikole akufuna 140,000.

Ngati chikole chinalembetsedwa, ndalama za mavani, 25,000, ndi za malume. Pa 50,000 ija pachoka 10,000 ndi 15,000, patsala 25,000. Lamulo limapatulapo gawo la opanda chikole: theka la 10,000 yoyamba, ndi 20 peresenti ya yotsalayo, zomwe pano ndi 5,000 kuphatikiza 3,000. Malume atenga 17,000 yotsala. Zonse pamodzi apeza 42,000. Sizinabwerere zonse, ndipo mukuona nokha mmene chikole choyandama chimadyedwera chisanafike kwa mwini wake.

Ngati sichinalembetsedwe, ndime 859H imati chikolecho chilibe mphamvu pamaso pa likwideta, adiminisitireta ndi aliyense amene kampani ili naye ngongole. Ngongoleyo siifa, koma malume alowa m'gulu la opanda chikole. Pa 75,000 yonse pachoka 25,000, patsala 50,000 yogawana anthu ofuna 200,000. Aliyense alandira mapeni 25 pa paundi iliyonse. Malume apeza 15,000. Mapaundi 27,000 apita chifukwa cha fomu ya mapaundi 15.

Masiku akadutsa

Mukazindikira kuti masiku 21 apita, musakhale chete n'kumayembekeza kuti kampani iyenda bwino. Lamulo limati chikole chikafa motere, ndalama zonse ziyenera kubwezedwa nthawi yomweyo, ndipo zimenezi zimakupatsani polankhulira ndi kampaniyo. Koma kampani imene inabwereka chifukwa chosowa ndalama siikhala nazo zobweza lero. Njira zenizeni ndi ziwiri.

Yoyamba ndi kupempha khoti, pansi pa ndime 859F, kuti liwonjezere nthawi. Muyenera kuonetsa kuti kuchedwako kunali kwangozi kapena kuiwala, kapena kuti sikupweteka ena amene kampani ili nawo ngongole, kapena kuti pali chifukwa china chachilungamo. Umboni wake ufotokoze mwatsatanetsatane chimene chinachitika, ndani anayenera kutumiza, analephera bwanji, ndipo mwachitapo chiyani mutangodziwa. Makhoti amavomera kawirikawiri ngati kampani ikadali pa miyendo yake, koma amaika mawu oteteza aliyense amene anapeza ufulu pa katunduyo m'nthawi imene chikole chanu chinali chosalembetsedwa. Banki ikalowa pampata umenewo ndi chikole chake, yakudutsani. Ndipo kampani ikayamba kale kuthetsedwa, khoti silivomera pokhapokha patakhala zachilendo kwambiri. Chigamulo chikatuluka chimatchula deti latsopano, ndipo mumatumiza MR01 pamodzi ndi kope la chigamulocho detilo lisanadutse.

Yachiwiri ndi kupempha kampani kuti isaine chikalata chatsopano, masiku 21 ayambirenso. N'chachangu ndiponso chotsika mtengo, ndipo ambiri amathamangira kumeneko. Vuto lake ndi lija tanena kale: chikole chatsopanochi chikuteteza ngongole yakale, popanda ndalama yatsopano. Kwa wobwereketsa wapadera, pamene kampani ili ndi mphamvu zolipira ngongole zake, njirayi imatheka. Kwa malume, zikutanthauza kukhala zaka ziwiri mtima uli m'mwamba, chifukwa kampani ikagwa m'zaka zimenezo chikole choyandamacho sichidzawathandiza. Wachibale aganize kaye za khoti.

Chomwe simuyenera kuchita n'komwe ndi kufufuta deti la pa chikalata n'kulemba lina. Chimenecho ndi chinyengo, ndipo mauthenga a pa foni ndi zikalata za kubanki zidzakuululani.

Ngati vuto si kuchedwa koma cholakwika pa zomwe munalembetsa, monga dzina kapena tsamba losowa, kukonza kwakenso kumadutsa kukhoti, pa ndime 859M ndi 859N.

Ngongole ikatha, ndi za makampani ena

Ngongole ikabwezedwa yonse, wobwereketsa asaine chikalata chomasula katunduyo, ndipo fomu MR04 itumizidwe kuti kaundula aonetse kuti chikole chinatha. Ngati mwangomasula chinthu chimodzi, monga vani imodzi imene mwalola kuti igulitsidwe, fomu yake ndi MR05. Dziwani kuti Companies House sikufunsani inu wobwereketsa isanalandire MR04, n'chifukwa chake mauthenga a Follow this company aja ndi ofunika. Kampani nayonso ili ndi udindo wosunga makope a zikalata za chikole pamalo pomwe angaonedwe, kawirikawiri ku ofesi yake yolembetsedwa.

Zonsezi ndi za kampani yolembetsedwa. Munthu wochita bizinesi m'dzina lake yekha salowa mu dongosololi. Chikole pa katundu wake chimayendera malamulo ena akale a Bills of Sale. Mgwirizano wa LLP, ndiko kuti bizinesi ya anthu ogwirizana yolembetsedwa ku Companies House, umalowa, koma fomu yake ndi LL MR01. Ku Scotland fomu ndi masiku n'zomwezo, koma malamulo a chikole chenichenicho ndi ena, ndipo pa malo masiku amayamba kuwerengedwa chikalata chikalembetsedwa m'kaundula wa malo wa kumeneko.

Ngati kampani yobwerekayo inalembetsedwa ku Malawi, MR01 sikuthandizani ngakhale itakhala ndi nthambi ku Britain, chifukwa kuyambira pa 1 Okutobala 2011 makampani akunja salembetsanso zikole zawo ku Companies House. Ku Malawi chikole cha katundu wosunthika chimayendera lamulo la Personal Property Security Act la 2013 ndi kaundula wake wa pa intaneti, pomwe cha malo chimapita ku maofesi olembetsa malo. Choncho mphwawo akakhala ndi kampani yachiwiri ku Lilongwe imene ili ndi malole onyamula katunduyo akafika, malume afunika chikalata china chosainidwa ndi kampani imeneyo, cholembedwa ndi loya wa ku Malawi ndi kulembetsedwa komweko.